Giza ikamadontha pansi: anodi ndi dzimbiri la m'thanki

Madzi akayamba kudontha pansi pa giza, musathamangire kugula ina musanadziwe komwe akuchokera. Pakati pa thanki ndi chikopa chakunja pali thovu louma losunga kutentha, ndipo madzi otuluka paliponse amayenda m'menemo n'kukatulukira pamalo otsika kwambiri. Choncho pomwe pakudontha si pomwe paboola nthawi zonse.

Yambani mwazimitsa swichi ya giza pa bokosi la magetsi. Tsegulani kachivundikiro ka pa elementi, pukutani paliponse ndi nsalu youma, kenako yang'anani ndi tochi. Ngati madzi akutuluka m'mbali mwa mbale yomwe yagwira elementi ndi themositati, vuto ndi gasiketi, labala yotseka mpata pakati pa mbaleyo ndi thanki, ndipo imasinthidwa. Chimodzimodzi ngati akuchucha polumikizira mapaipi kapena pa valavu yokhuthulira. Kapaipi ka valavu ya puresha nako kamadontha giza ikamawotcha, chifukwa madzi amafufuma akatentha. Pa giza ya malita 150, malita awiri kapena kuposerapo pang'ono nthawi iliyonse ikawotcha madzi ozizira si zodetsa nkhawa. Koma ngati malo onsewa ndi ouma, pomwe madzi ofiirira akutuluka pa msoko wa chikopa, ndiye kuti thanki yeniyeniyo yadyeka ndi dzimbiri.

Thanki ya giza zambiri ndi yachitsulo wamba chomwe mkati mwake anamata ndi galasi lopyapyala. Galasili silikhala langwiro. Pa misoko yowotcherera pamakhala timipata, ndipo chitsulo chikamafufuma ndi kufota tsiku ndi tsiku limachita timing'alu. Madzi otentha akangokhudza chitsulo pa kampata kotere, dzimbiri limaboola kabowo kakang'ono koma kakuya.

N'chifukwa chake opanga amaikamo anodi, kandodo ka maginiziyamu kokhala ndi waya wachitsulo pakati, komangidwa ndi mazinga pa thanki. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana zili m'madzi, chomwe sichichedwa kuchita dzimbiri ndi chimene chimadyeka, chinacho n'kutsala. Maginiziyamu ndiye amadyeka, thanki n'kupulumuka. Anodi ikatha, giza imawotchabe madzi bwinobwino, simumva phokoso kapena kuona chizindikiro chilichonse, koma chomwe chikudyeka tsopano ndi thanki.

Tengani nyumba ya ku Namiwawa yokhala ndi giza ya malita 150 m'siling'i, yomwe sinatsegulidwepo chiyiikireni. Mwazimitsa magetsi, tsekani madzi olowa, tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti puresha ichoke, ndipo khuthulani madzi ndi paipi mpaka atsike kupitirira pomwe pali anodi. Samalani, madzi a madigiri 60 amawotcha. Masulani anodi ndi sipanala yaitali, chifukwa imakhala itagwira zolimba. Yatsopano imakhala yosalala, yonenepa ngati chala chachikulu. Yogwira ntchito bwino imakhala yokumbikakumbika, ndipo zimenezo n'zabwino. Ikatha kupitirira theka, kapena waya wapakati akuoneka, ikani ina. Mukapeza yosadyeka n'komwe patatha zaka, musasangalale: mwina yakutidwa ndi layimu, zoyera zolimba zomwe madzi amasiya, kapena sikugunda chitsulo cha thanki. Anthu ena amakulunga tepi yoyera yambiri pa mazinga poopa kudontha, osadziwa kuti akuilekanitsa ndi thanki. Kukulunga kawiri kapena katatu n'kokwanira. Mukamanga, dzazani giza mpaka mpopi usiye kulavula mpweya, kenako yatsani magetsi. Elementi yoyatsidwa popanda madzi imapsa nthawi yomweyo.

Muziiona anodi pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. A madzi a Blantyre Water Board, omwe ambiri amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, angadikire zaka ziwiri, koma amene mumapopa a pamjigo muziona chaka ndi chaka, poti madzi a mchere wambiri amaidya msanga. Madzi otentha akamanunkha ngati dzira lovunda, uzani pulambala aikemo anodi ya aluminiyamu. Themositati ikhale pa madigiri 60, chifukwa kutentha kopitirira kumafulumizitsa dzimbiri. Mzinda wathu wa Blantyre ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo nyumba za kumunsi zimalandira puresha yaikulu, choncho valavu ya puresha igwirizane ndi nambala yolembedwa pa giza, kaya `400 kPa` kapena `600 kPa`.

Nanga thanki yoboola kale? Anodi yatsopano siitseka bowo. Amisiri ena amati abwere nayo akaiwotcherere, koma moto umasweratu galasi lozungulira chigambacho, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo pa chitsulo chosatetezedwa. Komanso pomwe paboola pamodzi, pena paperepeseka kale. Zimitsani magetsi, tsekani madzi, ikhuthuleni siling'i isanagwe, ndipo pulambala aike giza yatsopano pa thireyi yokhala ndi paipi yotulutsira madzi panja.