Bondo likamapweteka potsika masitepe, musathamangire kunena kuti mafupa atha

Chisanu cha chaka chino chandionetsa khalidwe limene landitopetsa. Kuyambira mu Juni, amayi ndi abambo a zaka za m'ma 40 ndi 50 akhala akubwera kwa ife a mafizo atamanga bondo ndi bandeji, thumba lodzaza mapiritsi, matenda atadziyeza okha kale. Onse mawu ndi amodzi: “Ndi nyamakazi, mafupa atha.” Ukafunsa amene wawauza, ndi mnzawo wa kutchalitchi kapena mlamu wawo wa ku Rosettenville. Ukafunsa chimene achitapo, akuti asiya kuyenda, akupumitsa mwendo, ndipo akumwa bulufeni kapena indosidi m'mawa ndi madzulo kwa miyezi iwiri. Kulakwa kwake ndi kumeneku, kutenga ululu uliwonse wa potsika masitepe ngati kutha kwa mafupa, kenaka nkuupatsa mpumulo ndi mapiritsi.

Inde, masitepe kuno ku Joni ndi ambiri. Mafulati ochuluka a ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville zikepe zake zimagwira ntchito mwa apo ndi apo, ndipo amene mumagwira ntchito zam'nyumba zosanja mumakwera ndi kutsika tsiku lonse mutanyamula zochapa. Kutsika kumapweteka kuposa kukwera chifukwa potsika minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira thupi kuti lisagwe, bondo lili chipindire. Pamenepo kafupa kozungulira kakutsogolo kwa bondo kamapanikizidwa pa fupa la ntchafu ndi mphamvu yoposa kulemera kwanu katatu kapena kuposerapo. Munthu wa makilogalamu 80, ndiye kuti kafupa kameneka kakusenza pafupifupi 240 pa sitepe iliyonse. Choncho kupweteka potsika pakokha sikukuuzani matenda. Kukungokuuzani malo amene akusenza katundu.

Mavuto amene amasokonezedwa ndi awiri. Loyamba ndi kuperepeseka kwa chicherewecherewe, chija choyera choterera chimene mumachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. M'bondo chimakuta nsonga za fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti ziziterera pokumana. Chikayamba kupyapyala, kawirikawiri munthu atapitirira zaka 45, ululu umamveka pamzere pamene mafupa awiriwo akumana, makamaka mbali yam'kati, ndipo munthu amaloza ndi chala. Bondo limauma m'mawa koma limamasuka pasanathe mphindi 30. Limapweteka ngakhale poyenda pamalo athyathyathya mtunda ukatalika, limatupa madzulo pa tsiku la ntchito yambiri, ndipo pakapita zaka mafupa ake amaoneka otukuka, mwendo sutambasuka mpaka kumapeto, miyendo nkuyamba matewe.

Lachiwiri ndi la kafupa kakutsogolo kaja. Kameneka kamatsetsereka mumpata wa fupa la ntchafu bondo likamapindika ndi kuwongoka, ndipo chimene chimakayendetsa ndi minofu ya ntchafu ndi yam'matako. Minofu imeneyi ikafooka, kapena ntchito ikachuluka mwadzidzidzi, bondo limagwera m'kati potsika ndipo kafupako kamapanikizika kwambiri mbali imodzi. Wodwala wotere saloza ndi chala, amafumbata kutsogolo kwa bondo ndi chikhatho chonse nkunena kuti “m'katimu.” Pamalo athyathyathya amayenda bwinobwino ngakhale mtunda utalike. Chimamuvuta ndi kutsika, kunjuta, kugwada, ndi kukhala nthawi yaitali bondo lili chipindire, monga mu takisi kapena m'basi yopita kumudzi, moti pofika pa Beitbridge amalakalaka pongotambasulira mwendo. Kutupa kwenikweni sikukhalapo.

Ndisakunamizeni kuti malire ake ndi owongoka. Kuseri kwa kafupako kulinso chicherewecherewe, ndipo pa msinkhu wathuwu nachonso chimatha kuperepeseka, mwina mavuto onse awiri nkukhala m'bondo limodzi. Koma taonani, chicherewecherewe chilibe mitsempha yomva ululu. Chimene chimapweteka ndi fupa lapansi pake ndi minofu yofewa yozungulira. Nchifukwa chake pali anthu ambiri amene ekisire imaonetsa kuperepeseka koma samva kanthu, ndi ena amene akubuula koma chithunzi chili bwinobwino. Inu oumirira ekisire ngati kuti chithunzi ndicho mankhwala, dziwani kuti vuto la kafupa kakutsogolo nthawi zambiri silioneka nkomwe pa chithunzi. Ndipo phokoso la khecherekhechere popinda bondo, ngati palibe ululu, si matenda.

Tsono tibwere ku mtengo wa kulakwa kuja. Minofu ya ntchafu sichedwa kufota ikasiya kugwira ntchito, masabata ochepa okha ntchafu yayamba kale kuchepa. Mukapumitsa mwendo chifukwa chakuti “mafupa atha,” mukufooketsa minofu imene imateteza bondo, kaya vuto lanu ndi loyamba lija kapena lachiwiri. Tsiku limene mwabwerera ku masitepe ululu umakhala woposa kale, inu nkumati matenda akula, nkuwonjezera mapiritsi. Pa nthawi yokhala pansiyo thupi nalo lawonjezeka, poti nsima ndi buledi simunachepetse, ndipo kilogalamu iliyonse yowonjezera imaika pafupifupi makilogalamu 4 pa bondo pa phazi lililonse limene mwaponda.

Mapiritsiwo ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Bulufeni, indosidi ndi daikilofenaki ndi a banja limodzi, ndipo mankhwala aufa a mutu amene mumagula pa sipaza muli asipirini, wa banja lomwelo. Kumwa awiri kapena atatu a amenewa pamodzi sikuchiza msanga, kumangochulukitsa ngozi ya zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Amakwezanso kuthamanga kwa magazi. Kodi ndi angati a msinkhu wathu amene alibe bipi kapena shuga? Amene muli pa mankhwala otalikitsa moyo, ambiri mwa mankhwalawo muli tenofoviya amene naye amadutsa mu impso, ndiye musamaphatikize mwachisawawa osauza adokotala. Za mphini sindifuna nkuyamba komwe. Bondo lotemedwa mphini ndaliona, kafupa kake kakupanikizika monga kale, kungowonjezerapo zilonda pakhungu.

Bambo wina wa ku Ntcheu, mlimi wa mbatatesi kwawoko, kuno amasamalira maluwa panyumba ina ya paphiri ku Northcliff. Ali ndi zaka 52. Abwana awo anagula manyowa ndi miyala yokonzera munda wakumunsi, ndipo kwa masabata atatu iwo ankatsitsa matumba pamasitepe a m'mundamo. Bondo lamanja linayamba kupweteka. Anapuma mwezi wathunthu osalipidwa, namwa indosidi mpaka chifuwa kumaotcha, ndipo atafika kwa ine anali atayamba kale kufunsa mtengo wa tikiti ya basi.

“Adokotala,” anatero, poti aliyense wovala yunifolomu kwa iwo ndi dokotala, “ine ndalima m'mapiri kuyambira ndili mnyamata, thumba la mbatatesi pamutu kutsika nalo mpaka pa Tsangano. Mafupa ndawamaliza ndekha. Ndingopita ndikakhale pakhonde.”

Ndinawafunsa kuti andionetse pamene pakupweteka, ndipo anafumbata kutsogolo kwa bondo. M'mawa limauma? Ayi. Poyenda kupita kokwerera takisi? Palibe vuto. Ndinadina pamzere wa mafupa mbali zonse ziwiri, osamva kanthu. Mwendo unkatambasuka mpaka kumapeto, kutupa kunalibe. Kenaka ndinawaimika pa sitepe yaifupi ndi mwendo wodwalawo nkuwauza kuti atsitse phazi linalo pang'onopang'ono. Bondo linagwera m'kati kuloza linzake, chiuno chinapendekeka, ululu nkubwera pomwepo. Nditayeza ntchafu ndi tepi, yamanja inali yocheperapo ndi masentimita 2. “Bambo,” ndinawauza, “mafupa anu alipo. Chimene chatha ndi ntchafu, ndipo mwezi mwakhala pansiwu mwaithandiza kutha.” Anaseka mokayikira nkundifunsa ngati jakisoni kulibe. Aliyense amafuna jakisoni! Jakisoni wa m'bondo alipo, amathandiza bondo lotupa loperepeseka kwa masabata ochepa, koma kwa iwo sakanakonza kanthu. Anabwerera kuntchito akuchita mafizo, matumba akutsitsa theka theka, ndipo pofika mwezi wachitatu ankatsika opanda kugwira khoma.

Zochita zake si zachilendo. Gonani chagada, mwendo wodwala uli chiwongokere, muukweze kufika msinkhu wa bondo linalo nkuutsitsa pang'onopang'ono. Gonani cham'mbali mukweze mwendo wapamwamba, chala chisaloze kudenga. Dzukani pampando nkukhalanso osagwira ndi manja, bondo lilunjike chala chachiwiri cha phazi. Chilichonse kakhumi, maulendo atatu, masiku osachepera atatu pa sabata. Zikayamba kuphweka onjezani kutsika pa sitepe yaifupi kuja. Kaululu pang'ono pochita nkololedwa bola kakhale katatha pofika mawa lake, kakapitirira chepetsani. Musayembekezere kusintha masabata 6 asanakwane, ena mpaka 12. Mafizo omwewa ndiwonso chithandizo choyamba cha bondo loperepeseka, kungoti apo muwonjezere kuyenda tsiku ndi tsiku ndi kuchepetsa thupi, ndipo ngati ndodo ikufunika igwireni dzanja la mbali yosadwala. Pa masiku oipa, potsika tsogozani mwendo wodwala, pokwera tsogozani wabwino. Pa ululu yambani ndi daikilofenaki wopaka, amene amalowa m'magazi pang'ono poyerekeza ndi wakumwa, kapena panado. Mabotolo a gulukosamini sungani ndalama zanu, sameretsa chicherewecherewe.

Koma bondo likatupa nkutentha, inu nkumamva malungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati katumba watupa ndi kupweteka mutangotsika basi yochokera kumudzi, poti magazi amatha kuundana mumtsempha, kapena ngati mwagwa ndipo mwendo sukupondeka. Bondo lomangika osawongoka, lokugwetsani mwadzidzidzi, kapena lopweteka usiku wonse thupi likuwonda, kalionetseni kukiliniki sabata yomweyo. Mukapita nyamulani mapaketi onse a mankhwala amene mwakhala mukumwa, aufa omwe, ndipo pemphani kalata yokaonana ndi a mafizo.