Nkhokwe mukaikuza kawiri simulowa ngolo zowirikiza kawiri ayi, mumalowa kasanu n'katatu

Alimi anzanga a kuno ku Salima, ino ndi nyengo yoti ena mwayamba kudula nsungwi ndi mphanda zomangira nkhokwe, ndiye ndati ndikambepo kankhani kena kamasamu komwe kamatigwetsa ambiri, ngakhale ife alangizi tikapanda kukhala pansi ndi bolopeni timaphonya. Chaka chatha bambo ena a mbali ya ku Khombedza anandiitana kuti ndikaone nkhokwe yawo yatsopano. Yakale inali ya mita imodzi ndi theka kukamwa kwake, kutalika chimodzimodzi mita ndi theka, ndipo akuti munkalowa ngolo ziwiri za chimanga chosatonola. Chakacho anayembekeza ngolo zinayi, ndiye anangouza womanga kuti ukuze kawiri paliponse, mamita atatu kukamwa mamita atatu kutalika. Nditafika ndinapeza chinkhokwe chachikulu ngati nyumba ya mnyamata, ngolo zinayi zija zathera pansi penipeni moti kusuzumira umachita kukwera makwerero kuti uchione chimangacho.

Anati, "Alangizi, kapena anyamata andibera panjira? Ngolo zinayi ndawerenga ndekha koma taonani."

Ndinati, "Bambo, palibe wakuberani, nkhokwe mwamangayi ndi ya ngolo 16."

Sanakhulupirire mpaka tinakatenga njerwa kuseri kwa khitchini. Inunso chitani zomwezi pakhomo panu, zimamveka bwino ndi manja kusiyana ndi pakamwa. Ikani njerwa imodzi pansi. Tsopano tikufuna njerwa ina yooneka chimodzimodzi koma yaikulu kawiri mbali zonse. Kuti italike kawiri mufunika njerwa ziwiri zondondozana. Kuti ikule kawiri m'lifupi muikanso mzere wina pambali pake, zakwana zinayi. Koma apa ikadali yafulati, sinakwere, ndiye musanjikenso zinayi pamwamba, zonse pamodzi 8. Nayo nkhani yonse, 2 × 2 × 2 = 8. Zam'kati mwa chinthu zili ndi njira zitatu zokulira, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo njira iliyonse imachulukitsa inzake, siziphatikizana ayi.

Kenako musaphwasule, yang'anani kunja kwa mulu wanuwo. Mbali iliyonse mukuona nkhope za njerwa zingati? Zinayi basi, ziwiri pansi ziwiri pamwamba, 2 × 2 = 4, chifukwa khoma kapena khungu la chinthu lili ndi njira ziwiri zokha zokulira, lilibe yachitatu. Ndipo pano ndi pomwe ine pamandisangalatsa. Njerwa imodzi ili ndi nkhope 6, ndiye njerwa 8 zikanakhala payokhapayokha nkhope zikanakhala 48. Koma pamulu uja zooneka kunja ndi 24 zokha, zina 24 zagundana m'kati, sizikuonanso dzuwa kapena mphepo. Theka lonse labisika. N'chifukwa chake zam'kati zimathamanga kusiya zakunja m'mbuyo, chinthu chikamakula mbali yambiri imakakhala pakati.

Lamulo lake lembani pakhoma. Mukakuza miyeso yonse ndi nambala iliyonse, tiitche k, zakunja monga khoma, denga ndi pansi zimakula k × k, pomwe zolowa m'kati zimakula k × k × k. Kukuza katatu ndiye kuti khoma kasanu n'kanayi, 9, koma zam'kati 27. Ndipo zilibe kanthu kuti chinthucho ndi chamakona ngati njerwa kapena chozungulira ngati nkhokwe, mgolo, thanki, bola maonekedwe asasinthe.

Tibwerere ku nkhokwe ya bambo aja ndi manambala enieni. Yakale ija kuzungulira kwake ndi 3.14 × 1.5, pafupifupi mamita 4.7, kuchulukitsa ndi kutalika 1.5 tikupeza khoma la masikweya mita 7. M'kati mwake munali malo a makiyubiki mita 2.65, kapena tinene ndowa za malita 20 zokwana 132 kapena kuposerako pang'ono. Yatsopano ya mamita atatu khoma lake ndi masikweya mita 28, m'kati makiyubiki mita 21, ndowa zopitirira 1,000. Mwaona, khoma 7 kupita 28 ndi kanayi, m'kati 2.65 kupita 21 ndi kasanu n'katatu.

Kumbali ya ndalama izi ndi zokoma ndithu. Nsungwi zolukira, udzu wa denga, dothi lomatira, zonsezi zimatsata khoma, ndiye mwagula kanayi koma mwasunga kasanu n'katatu, ngolo iliyonse yakudyerani theka la nsungwi poyerekeza ndi kale. Ndi chifukwa chomwechi thanki imodzi yaikulu nthawi zambiri imatchipa pa lita kusiyana ndi timathanki tambirimbiri. Koma musathamange, kukomaku kuli ndi ngongole ziwiri ndipo yachiwiriyo kuno kunyanja imaluma kwambiri.

Yoyamba ndi kulemera. Kulemera kumatsata zam'kati, ndiye nkhokwe ikadzaza katundu ndi kasanu n'katatu, koma pansi pomwe katunduyo wakhala pakula kanayi kokha. 8 kugawa ndi 4, chigawo chilichonse cha pansipo chikusenza kawiri kuposa kale. Womanga wina amati palibe vuto ndaika mphanda zonenepa kawiri. Iyayi achimwene. Mphamvu ya mzati waufupi imatsata kukula kwa podula paja, pomwe mumaona mizere ya mtengo, ndipo pamenepo ndi k × k, ndiye mtengo wonenepa kawiri umasenza kanayi osati kasanu n'katatu. Mukasiya chiwerengero cha mphanda chomwecho mwaperewera ndi theka. Muonjezere mphanda, makamaka mzere wapakati, ndipo mitanda isatalikirane. Zizindikiro zake sizivuta, mitanda imayamba kupinda ngati uta pakati, nkhokwe kupendekeka mbali imodzi, mphanda kumira m'dothi mvula yoyamba ikangogwa, makamaka madera a mchenga ngati ku Senga Bay kapena dothi lakuda la m'madambo lomwe limafewa likanyowa. Chiswe chikangolawako mphanda imodzi basi mumva phuu usiku.

Yachiwiri ndi kupuma kwa chimanga. Chimanga chosatonola chimapitiriza kuuma chili m'nkhokwe, mphepo imalowa m'mipata ya nsungwi n'kutenga chinyezi. Khomo la mphepoyo ndi khoma. M'nkhokwe yaing'ono ija kiyubiki mita iliyonse ya chimanga inali ndi khoma lopumira la masikweya mita pafupifupi 2.7, mu yaikuluyi ndi 1.3, theka. Kuonjezera apo chitsononkho chapakati penipeni chinali masentimita 75 kuchokera kukhoma, pano chili mita ndi theka, ndiye khomo lachepa ulendonso watalika. Kuno kwathu ndi kotentha komanso mpweya wa kunyanja ndi wachinyontho, si ngati kumapiri ku Dedza, ndiye chimanga chomwe mwachilowetsa chisanaumitsitse chimatentha pakati n'kuyamba chuku, chija chobiriwira kapena chakuda, ndipo chuku china chimasiya poizoni woopsa kuchiwindi yemwe sachoka ngakhale muphike nsima bwanji. Choipa chake m'mbali mumaona chimanga choyera bwinobwino, mumadzazindikira mu Disembala mukafika pakati.

Ife a kunyanja izi timazidziwa kale kungoti sitinazitche masamu. Usipa mumangouyanika wathunthu pathandala, koma chambo chachikulu simungayerekeze, mumachita kuching'amba n'kuchitambasula kapena kuchiwamba, chifukwa mnofu wachuluka kuposa khungu, chikhoza kuola m'kati kunja kukuoneka kouma. Kung'ambako ndi kuonjezera malo akunja. Nsima ya pamaliro ya m'chimphika chachikulu imakhalabe yotentha pomwe ya m'kapoto ka munthu mmodzi yazizira kalekale, nkhani yake ndi yomweyi. Pena timachita kufuna zimenezi, mulu wa manyowa ukachepa kwambiri sutentha chifukwa kutentha konse kumathawira kunja, n'chifukwa timakuuzani kuti usachepere mita mbali zonse. Pa manyowa kukula ndi bwenzi, pa chimanga chachinyezi ndi mdani.

Ndiye bambo aja akanatani kuti apeze ya ngolo zinayi? Akanafuna nambala k yoti k × k × k ikupatse 2, ndipo nambalayo ndi 1.26. Yesani pa foni, 1.26 × 1.26 × 1.26 mupeza 2. Kutanthauza kuti mita ndi theka ija ingofika mamita 1.9, kungoonjezera masentimita 40 kukamwa ndi 40 kutalika, basi nkhokwe yalowa kawiri. Ndi maso imaoneka ngati yangokula pang'ono, ndipo womanga adzakutsutsani, muuzeni ayeze ndi tepi asayeze ndi mtima. Nsungwi zake ndi 1.26 × 1.26, pafupifupi 1.6, ndiye ngati kale munagula mitolo 10 pano konzani 16.

Chenjezo limodzi, lamulo la 4 ndi 8 limagwira pokhapokha mwakuza mbali zonse mofanana. Mukangotalikitsa msinkhu kawiri kukamwa n'kusiya momwemo, mulowa kawiri ndipo khoma nalo kawiri, mphepo ikufika pakati ngati kale, koma pansi pakusenza kawiri ndipo yaitali yowonda mwera wa mu Juni ndi Julaye umaikankha. Mukangokuza kukamwa kawiri msinkhu osasintha, mulowa kanayi, khoma kawiri kokha, mphanda sizivutika kwambiri bola muzichulukitse molingana ndi pansipo, koma kupuma ndiye kwachepa ndi theka. Ine maganizo anga kwa amene mumakolola chimanga chisanaumitsitse poopa akuba ndi chiswe kumunda, bola nkhokwe ziwiri zapakatikati kusiyana ndi chimodzi chachikulu, kapena mumange yamakona yaitali koma yopapatiza, mbali yaitaliyo iyang'ane komwe kumachokera mphepo. Mugula nsungwi zambiri inde, koma nsungwi n'zotchipa kuposa ngolo ya chimanga yoola.

Ngati yaikuluyo mwamanga kale musaigwetse, ingolowetsani chimanga chouma. Tonolani pang'ono kuchokera m'zitsononkho zosiyanasiyana, thirani m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani kwa mphindi ingapo ndiye mulisiye kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo chimangacho chikadali ndi madzi, chiyanikeni kaye. Chosunga nthawi yaitali chimafunika chinyezi chisapitirire 13 pa 100 alionse. Musathamangirenso kumata khoma ndi dothi, kumata ndi kutseka mphuno za nkhokwe, dikirani chiume. Masabata oyambirira muzilowetsa mkono mozama kapena ndodo yosalala pakati, isiyeni pang'ono ndiye muitulutse muigwire, ikatuluka yofunda kapena ikununkha chuku tulutsani chimangacho tsiku lomwelo muyanike pamphasa.

Ndipo mukadzatonola kuti muthire mankhwala a anankafumbwe kumbukirani kuti mankhwala amatsata matumba, osati kukula kwa khoma. Werengani matumba a makilogalamu 50 omwe atuluka, muyeze monga zalembedwera pabotolo, musangoti nkhokwe ndinakuza kawiri ndiye mabotolo awiri akwana. Bambo a ku Khombedza aja mapeto ake tinangogawa nkhokweyo pakati ndi mpanda wa nsungwi, mbali ina chimanga mbali ina mtedza wosasenda, n'kuonjezera mphanda zitatu pansi.