Momwe Mungalumikizire Ziganizo za Chingerezi ndi Because, Although ndi However

Ambiri a ife kuno ku Angonia, Tsangano ndi Macanga timayankhula Chichewa pakhomo, tinaphunzira m'Chipwitikizi kusukulu, ndipo Chingerezi timachifuna tikamalembera ogula katundu a ku Malawi kapena tikamafunsira ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Ndaona kuti makalata athu ambiri savuta pa mawu, koma ziganizo zake zimangoima pachokhapachokha ngati njerwa zosanjikizidwa popanda dothi. Tiyeni titenge uthenga umodzi wa wamalonda wa mbatatesi wa ku Ulongue, tiukonze pang'onopang'ono.

Iye walemba motere: "The truck left Ulongue early. It reached Dedza at night. A tyre burst on the way. The potatoes are in good condition." Palibe chiganizo cholakwika pamenepa, komabe wowerenga akudzivutikira yekha kupeza chimene chachedwetsa galimoto.

Choyamba, musanasankhe mlumikizi aliyense, dzifunseni m'Chichewa za ubale wa ziganizo ziwiri zoyandikana. Galimoto inanyamuka m'mawa koma inafika usiku, ndiye apa pali kutsutsana. Inafika usiku chifukwa tayala linaphulika, ndiye apa pali chifukwa. Mukalephera kutchula ubalewo m'chiyankhulo chanu, mlumikizi wa Chingerezi sangakupulumutseni.

Chachiwiri, yambani ndi chifukwa, popeza ndicho chosavuta: "It reached Dedza at night because a tyre burst on the way." Chichewa chimatithandiza kwambiri pamenepa. Monga timasiyanitsira "chifukwa mvula inagwa" ndi "chifukwa cha mvula", Chingerezi nachonso chimafuna kuti because atsatiridwe ndi mwininkhani ndi mneni, pamene because of amatsatiridwa ndi dzina lokha. Choncho timalemba "because it rained" kapena "because of the rain", osati "because of it rained".

Chachitatu ndi although, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa. M'kuyankhula kwathu timakonda kunena kuti, "Ngakhale galimoto inanyamuka m'mawa, koma inafika usiku," ndipo palibe amene amadabwa. Chizolowezi chimenechi tikachisamutsira ku Chingerezi timalemba "Although the truck left early, but it arrived at night," chomwe ndi cholakwika, chifukwa although ndi but amagwira ntchito imodzi ndipo sagwiritsidwa ntchito onse awiri polumikiza mfundo ziwiri zomwezo. Sankhani mmodzi: "Although the truck left early, it arrived at night," kapena "The truck left early, but it arrived at night." Kumbukiraninso kuti gawo loyamba ndi although silingaime palokha. Mukaika mpumiro pambuyo pa "Although the truck left early", wowerenga amatsala m'malere, kudikira mbali ina yomwe sikubwera. Ikani mpatuliro, kenako mumalize ganizolo. Amene anazolowera embora wa Chipwitikizi asavutike kusintha mneni monga amachitira m'chiyankhulocho, chifukwa pambuyo pa although mneni amakhala m'kaonekedwe kake ka masiku onse.

Chachinayi, however musamuyese mnzake wa but pa kalembedwe, ngakhale tanthauzo lawo likufanana. However ali ngati "komabe" wathu kapena contudo wa Chipwitikizi potembenuza nkhani, koma iye alibe mphamvu yomangira ziganizo ziwiri ndi mpatuliro wokha. Tsekani chiganizo choyamba ndi mpumiro, yambani chatsopano ndi However, ndipo muike mpatuliro pambuyo pake. Kulemba kuti "The truck arrived late, however the potatoes are good" n'kofala kwambiri, koma m'kalembedwe kovomerezeka kumawerengedwa ngati cholakwa.

Tsopano uthenga uja waima motere: "Although the truck left Ulongue early, it reached Dedza at night because a tyre burst on the way. However, the potatoes are in good condition." Ziganizo 4 zasanduka 2, ndipo wogula akumva nthawi yomweyo kuti kuchedwako sikunali kwadala komanso kuti katundu wake sanawonongeke. Onani kuti mfundo yoikidwa pambuyo pa although imachepa mphamvu, pamene yobwera pambuyo pa However ndiyo imatsala m'mutu mwa wowerenga, n'chifukwa chake nkhani yabwino ya mbatatesi ndaiika kumapeto.

Pomaliza, werengani uthengawo mokweza musanautumize, ndipo pa mlumikizi aliyense muikepo mawu athu: "chifukwa", "ngakhale" kapena "komabe". Ngati "komabe" sakumveka pamalopo, ndiye kuti panalibe kutsutsana kulikonse, ndipo however ameneyo mumuchotse.