Momwe mungadziwire ngati zovala za mayina zili zorijino musanalipire belo lonse

Ife ochita kaunjika ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje Boma nthawi zambiri timaoda pafoni. Kukwera mapiri kupita ku Limbe kukangoona belo n'kubwerera, thiransipoti yokha yadya phindu. Ndiye wogulitsa amatumiza zithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti belo ili ndi la Nike ndi Adidas yekhayekha, lipirani msanga ena akulifuna. Musalipire msanga.

Choyamba, tsimikizani kuti zithunzizo ndi za belo lomwe mukugulalo. Apa ndi pomwe ine zinandivuta. Wogulitsa wina ananditumizira zithunzi za majezi okongola, malebo onse olondola, ndipo ndinalipira. Belo litafika ndinapeza majezi onunkha fakitale, a mtundu umodzi, opindidwa bwino pakati pa zovala zakale. Zithunzi zija zinali zoona ndithu, koma za katundu wina amene anagulitsidwa kalekale. Belo lomangidwa, la makilogalamu 45 lija, palibe amene angajambule m'kati mwake. Choncho mufunseni mosabisa: zomwe ndikuonazi zachokera m'belo lotsegula limene mudzalimangenso, kapena ndi chitsanzo chabe cha giredi yomweyo? Ngati ndi chitsanzo, dziwani kuti mukugula mwayi, ndipo mtengo utsike. Ngati ndi lotsegula, alembe dzina lanu ndi deti papepala, aliike pamwamba pa zovala pachithunzi chilichonse. Koposa apo, muimbirane pa vidiyo, inuyo muzilozera: osati icho, tulutsani cha pansi pakecho. Wokana zimenezi, kapena amene netiweki yake imathawa nthawi yomweyo, musiyeni.

Muuzeninso atumize zithunzi ngati `Document`, chifukwa zotumiza mwachizolowezi WhatsApp imazipanikiza ndipo timalemba ta palebo timafufutika. Bandulo idyeka pang'ono, koma si kanthu poyerekeza ndi mpamba wa belo.

Tsopano chovala chenichenicho. Chithunzi cha chizindikiro cha pachifuwa sichithandiza kwenikweni, poti opanga feki amalimbikira pomwepo. Pemphani achitembenuze. Pa tisheti kapena jezi ya Nike, m'kati chakumunsi pa msoko wa m'mbali pamakhala malebo ochapira, ndipo pansi pake pali kalebo kakang'ono kokhala ndi nambala ya chovalacho. Pa zatsopanoko imakhala malemba awiri ndi manambala anayi, kamzere, kenaka manambala atatu. Pa zakale ndi manambala asanu ndi limodzi, kamzere, ndi atatu. Atatu omalizawo ndi mtundu wa nsalu: `010` ndi wakuda, `100` ndi woyera. Ndiye tiyerekeze akutumizirani tisheti yofiira koma nambala yake ikuthera `010`. Simufunikanso kufunsa munthu, lebo imeneyo anaikopera ku chovala china. Ngati mtundu ukugwirizana, lembani nambala yonse pa Google pamodzi ndi dzina la Nike. Chituluke chovala chomwecho. Mukafunsa za jezi n'kutuluka kabudula, ndi feki.

Yerekezaninso malebo a zovala zingapo. Majezi atatu a matimu osiyana onse ali ndi nambala imodzi, ndiye kuti atuluka pa makina amodzi a feki. Nambala ina ija yolembedwa `RN 56323` ndi ya Nike zoona, koma isakusangalatseni, chifukwa afeki nawonso amaisindikiza. Lebo yodulidwa si umboni wa chinyengo, azungu ambiri amadula ikamawayabwa, koma malebo akadulidwa pa chovala chilichonse cha dzina m'belomo, pali amene wadutsa ndi sizasi.

Kaunjika weniweni amaoneka kuti anavalidwapo. Lebo imafewa ndi kuchucha pang'ono chifukwa chochapa, ndipo zovala zimasiyana masayizi, zaka ndi mitundu. Khumi zofanana zonyezimira m'belo limodzi zindichititsa mantha ine. Kuno kotentha nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa jezi ya feki simapitisa mphepo. Kasitomala akaivala mu Okutobala pa Ngabu thukuta likumuthira, sabata yotsatira adutsa pa benchi yanu osayang'ana.

Pa majinzi a Levi's pemphani kumbuyo kwa batani la pamwamba. Pamakhala nambala ya fakitale yodindidwa pachitsulo, ndipo pa majinzi amakono iyenera kupezekanso pa lebo yochapira. Kansalu kofiira kakhale pathumba lakumbuyo la kumanja. Pa Adidas njira ndi yomweyo ya nambala ndi Google. Zipi ndi ulusi muyang'ane ngati mwa masiku onse.

Onani zovala zosachepera khumi zomwe mwasankha nokha. Ziwiri zikagwa, werengerani belolo ngati losakaniza, mupereke mtengo wa wamba kapena mulisiye. Mukagwirizana, alembe dzina lanu pathumba la belo ndi pentopeni, alijambule atalimanga, ndipo ndalama yotsala mumalize likafika.