Makina apsa ndi moto: momwe mungalembere kutsika mtengo kwake ndi ndalama za inshuwalansi

Moto ukawononga makina, ambiri osunga mabuku a ndalama amadikira kuti a inshuwalansi alipire, kenako n'kulemba kusiyana kokha. Malamulo a IAS 16, omwe ndi ena mwa malamulo apadziko lonse osungira mabuku a ndalama, salola zimenezo. Kuwonongeka kwa makina ndi nkhani ina, chipukuta misozi ndi nkhani inanso, ndipo nthawi zina zimagwera zaka zosiyana.

Titenge chitsanzo cha kampani yachigayo yomwe imatseka mabuku pa 31 Disembala. Inagula makina pa K24 miliyoni, oti agwire ntchito zaka 8. Atangokwanitsa zaka zitatu, mu Okutobala, mawaya a magetsi anayaka, mota n'kupsa, koma chigayo chenichenicho chinapulumuka.

Yambani ndi dipulisiyeshoni. Iwerengereni mpaka tsiku la motolo, osati kulekezera pa Disembala wa chaka chatha. Pa K3 miliyoni pachaka, zaka zitatu zadya K9 miliyoni, choncho m'mabuku makinawo ali pa K15 miliyoni.

Kenako funsani kuti makinawo, momwe alilimu, angabweze ndalama zingati. IAS 36 imati muyerekeze zinthu ziwiri n'kutenga chachikulu. Choyamba ndi mtengo womwe mungawagulitsire mutachotsa zowononga pogulitsapo. Chachiwiri ndi ndalama zomwe angakubweretsereni mukapitiriza kuwagwiritsa ntchito, mutaziwerengera pa mtengo wa lero. Musangoganizira pamutu, pezani kalata ya injiniya kapena ya ogulitsa makina otere, chifukwa odita adzaifuna. Tinene kuti ogula akupereka K5 miliyoni, ndipo kumasula ndi kunyamula kudya K500,000. Zatsala K4.5 miliyoni, pomwe kuwagwiritsa ntchito kungabweze K4 miliyoni yokha. Mutenga K4.5 miliyoni.

Kutsika mtengo ndiye K15 miliyoni kuchotsa K4.5 miliyoni, yomwe ndi K10.5 miliyoni. Lembani debiti ku akaunti ya zotayika, kilediti ku akaunti yotsitsa mtengo wa makina. Ndalama za inshuwalansi musaziphatikize pano, ngakhale khobidi limodzi. Makina akanapseratu n'kusanduka chitsulo chosagulika, mukanangowachotsa m'mabuku, K15 miliyoni yonse n'kupita ku zotayika.

Tsopano pomwe anthu amapunthwa. Kudzaza fomu ya kileyimu si umboni woti mudzalipidwa. Chipukuta misozi chimalowa m'mabuku pokhapokha chikakhala ngongole yeniyeni yomwe a inshuwalansi ali nayo kwa inu, ndipo kawirikawiri chosonyeza zimenezi ndi kalata yawo yovomera kulipira. Mawu a pafoni a bulokala akuti "zitheka bwana, musadandaule" sawerengedwa. Ngati a inshuwalansi akufufuzabe choyambitsa motowo, kapena pulimiyamu inali isanalipidwe, musalembe kanthu. Mukaona kuti mwayi wolipidwa ndi waukulu, IAS 37 imati mungofotokoza m'mawu otsagana ndi malipoti a zachuma, osaika pa chuma cha kampani.

Kalata ikabwera, iwerengeni modekha, chifukwa ndalama yomwe munapempha si yomwe mulandire. Tinene kuti asesa, katswiri woyeza zowonongeka, wati zowonongeka ndi za K15 miliyoni, koma makinawo anayenera kutetezedwa pa K40 miliyoni pomwe polise ikunenabe K24 miliyoni. Izi zimachitika kampani ikaiwala kukweza polise mitengo itakwera, monga zinalili kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapolise ambiri a moto ali ndi ndime yoti wotetezedwa moperewera alipidwenso moperewera:

```
15,000,000 x 24/40 = 9,000,000
9,000,000 - 1,000,000 = 8,000,000
```

K1 miliyoni yochotsedwayo ndi ekisesi, gawo lomwe polise imati mudzisenzere nokha. Choncho mulemba debiti K8 miliyoni ku akaunti ya ndalama zoyembekezeka kuchokera ku inshuwalansi, kilediti ku ndalama zina zolowa. Mu lipoti muoneke K10.5 miliyoni yotayika payokha, K8 miliyoni payokha. Cheke chikalowa, debiti banki, kilediti akaunti yoyembekezera ija, itsekeke.

Nanga kalata ikafika mu Febuluwale, mabuku asanasainidwe? Apa onani momwe zinthu zinalili pa 31 Disembala. Ngati tsikulo a inshuwalansi anali akukanabe kapena kufufuza, ine ndingaike K8 miliyoniyo m'chaka chatsopano, ngakhale abwana angakwiye poona chaka chatha chili ndi zotayika zokhazokha. Ngati anali atavomera kale kuti alipira ndipo kalatayo yangotsimikiza kuchuluka kwake, ilembeni m'chaka cha motowo, koma kambiranani ndi odita msanga.

Dipulisiyeshoni yotsatira iyambire pa K4.5 miliyoni, ndipo muonenso zaka zomwe makinawo atsala nazo. Mota yatsopano mukagula, mtengo wake uwonjezedwe pa makina. Musauchotse pa ndalama za inshuwalansi.