Momwe mungalembere kalata ya umboni ya munthu amene munkamuyang'anira pa ntchito

"Bwana, ndine uja ndinkasunga katundu kusitolo kwanu ku Limbe. Ndapeza malo ena, koma akufuna kalata yochokera komwe ndinkagwira kale. Mungandithandize?"

Ambiri a ife tikalandira foni yotere timavomera msanga, kenako tikakhala pansi kuti tilembe, dzanja limalemera. Mnyamata amene anandiimbira ine anali wokhulupirika pa katundu, koma m'chaka chake chomaliza ankachedwa kubwera kuntchito mpaka ndinamulembera kalata ya chenjezo. Ndikabisa zimenezo ndiye kuti ndanamiza amene akufuna kumulemba ntchito. Ndikaziika poyera mosasamala ndiye kuti ndamutsekera pakamwa iye ndi ana ake. Njira imene ndimatsata ndi iyi: chilichonse cholembedwa m'kalatamo chikhale choti ndingachibwereze pa foni popanda kuchita chibwibwi, ndipo mwini wake asamve koyamba kwa anthu ena zimene ndanena za iye.

Choyamba, dziwani pepala limene akufuna

Pali mapepala awiri amene anthu amawasokoneza. Lina ndi chikalata chotsimikiza kuti munthu anagwirapo ntchito pamalo panu. Lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, pa gawo 31, limati wantchito akapempha chikalata chimenechi ntchito ikatha, wolemba ntchito ayenera kumupatsa. Mumalembedwa dzina ndi keyala ya wolemba ntchito, mtundu wa bizinesi, nthawi imene munthuyo wagwira, udindo wake, ndi malipiro amene ankalandira pochoka. Chifukwa chimene ntchito inathera chimalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha, ndipo simuloledwa kuikamo maganizo anu pa kagwiridwe kake ka ntchito ngati iye sanafune. Chikalatachi ndi ufulu wake, ngakhale munasiyana mutayambana.

Pepala linalo ndi kalata ya umboni, ija ambiri amati refelensi. Imeneyi ndi mawu anuanu, dzina lanu ndi limene likuikidwa chikole. Ndiye mufunseni munthuyo: akufuna iti? Ngati ndi kalata ya umboni, akufunsira ntchito yanji, kuti, ndipo kalatayo ipite kwa yani? Akutumizireni chilengezo cha ntchitoyo ngati ali nacho. Ngati mudakali pakampani pomwepo, funsaninso a ofesi yoona za antchito ngati mukuloledwa kulemba pa pepala la kampani ndi kudindapo chidindo. Makampani ena salola, ndipo zikatero mumalemba m'dzina lanu, n'kunena momveka kuti awa ndi maganizo a inu amene munkamuyang'anira.

Chachiwiri, tsegulani failo, musadalire mutu

Mutu umasunga mkangano womaliza n'kuiwala zaka zitatu zabwino, kapena umasunga kuseka kwa munthu n'kuiwala zolakwa zake. Onani mwezi ndi chaka chimene anayamba ndi kusiya, dzina lenileni la udindo wake, ndi zimene zinalembedwa pounika ntchito yake. Kenako tengani pepala, lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munaziona ndi maso anu. Za mnyamata uja ndinalemba kuti ankasunga makiyi a nyumba ya katundu, kuti pa kuwerengera konse kwa sitoko kwa kutha kwa mwezi mabuku ake ankagwirizana ndi matumba amene anali pansi, ndiponso kuti nyengo ya feteleza, kuyambira Okutobala mpaka Disembala pamene malole amabwera motsatizana, ankayang'anira anyamata anayi otsitsa katundu popanda thumba kusowa.

Zoterezi zimalemera kuposa mawu oti "ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu". Mawu amenewo ali m'kalata iliyonse, ndipo wolemba ntchito amene wawerenga makalata makumi awiri tsiku limodzi sawaonanso.

Chachitatu, yezani cholakwacho ndi ntchito imene akufunsira

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Si chofooka chilichonse chimene chiyenera kulowa m'kalata, chifukwa kalata ya umboni si bwalo la milandu. Dzifunseni mafunso awiri. Kodi chofookachi chingavulaze anthu kapena chuma kumene akupitako? Kodi chinali chizolowezi chake, kapena chinali cha nyengo chabe ndipo chinatha?

Mnyamata wanga ankafunsira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yogulitsa zomangira nyumba. Chimene iwo ankafuna kudziwa kwambiri n'chakuti simenti ndi malata zidzakhala m'manja otetezeka. Pamenepo ndinalibe mantha. Kuchedwa kuja kunali ndi chiyambi chake: anasamukira kutali, ankakwera maminibasi awiri, ndipo atalandira chenjezo anasintha, miyezi yake isanu yomaliza sanachedwenso. Ndinaona kuti ndikhoza kutchula nkhaniyi m'chiganizo chimodzi pamodzi ndi mathero ake, chifukwa wosunga makiyi akachedwa sitolo yonse imadikira panja, ndipo olemba ntchitowo akanandifunsa ndithu.

Zikanakhala zina akanakhala kuti akufunsira ntchito yaulonda wausiku atagwidwapo akugona kangapo, kapena yoyendetsa galimoto ali ndi vuto la mowa limene silinathe, kapena yolera ana ali ndi mbiri yowamenya. Pamenepo kukhala chete si chifundo ayi. Mukumuchitira chifundo mmodzi poika pa ngozi anthu amene sakudziwa kanthu, amenenso akukhulupirira siginecha yanu.

Pali zina zimene sizilowa m'kalata zivute zitani: matenda ake, makamaka za kachilombo ka HIV zimene malamulo amaletsa kuulula popanda chilolezo cha mwini wake, za m'banja mwake, ngongole zake za katapila, chipani kapena mpingo wake. Chimodzimodzi mphekesera. Ngati katundu anasowa koma kafukufuku sanapeze wolakwa, simungalembe kuti ankaganiziridwa za kuba. Kulemba chinthu choipitsa mbiri ya munthu chimene simungachitsimikize kukhoza kukufikitsani kukhoti, komanso n'kulakwira munthu amene mwina analibe mlandu.

Chachinayi, muuzeni mwini wake musanalembe

Gawo ili ambiri timalithawa chifukwa cha manyazi, pamene ndi limene limasonyeza ulemu weniweni. Ndinamuimbira n'kumuuza kuti, "Achimwene, kalata ndilemba, ndipo za katundu ndi mabuku ndinena zabwino zokhazokha chifukwa ndi zimene ndinaona. Koma za kuchedwa zija ndizitchula, ndinenanso kuti munasintha. Mukuti bwanji?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Palibe vuto bwana, bola munene kuti ndinasintha."

Mukatero mwamupatsa mpata wosankha. Akhoza kuvomera, akhoza kukapempha kwa munthu wina, ndipo akavomera amalowa m'chipinda cha mafunso atakonzeka kuyankha nkhaniyo yekha.

Chachisanu, lembani, tsamba limodzi basi

Makalata ambiri otere kuno amalembedwa m'Chingerezi, koma kayalidwe kake n'kamodzi m'chinenero chilichonse. Pamwamba ikani tsiku ndi dzina la amene mukumulembera, ngati mukulidziwa. Ndime yoyamba inene kuti ndinu yani, munkamuyang'anira pa udindo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Yachiwiri ifotokoze ntchito imene ankagwira ndi zitsanzo zija. Chofooka, ngati chikulowa, chikhale pakati, osati koyambirira kapena kumapeto kumene diso limakhazikika. Ndime yomaliza inene ntchito imene mukumuvomereza. Thunthu la kalata yanga linali motere:

"Ndinayang'anira a Uje kwa zaka zitatu pamene anali wosunga katundu pasitolo yathu yogulitsa zipangizo zaulimi. Ankalandira ndi kutulutsa katundu, kusunga makiyi, ndi kulemba mabuku a sitoko. Pa nthawi yonseyi mabuku awo ankagwirizana ndi katundu pa kuwerengera kwa mwezi uliwonse, ndipo nyengo ya feteleza ankatsogolera anyamata anayi otsitsa katundu mwadongosolo. M'chaka chawo chomaliza anavutikapo ndi kufika pa nthawi yake atasamukira kutali. Titakambirana anakonza vutoli, ndipo silinabwerenso mpaka pamene anachoka. Anasiya ntchito mwa kufuna kwawo. Ndikuwavomereza ndi mtima wonse pa ntchito yosunga katundu, ndipo nditakhala ndi malo otere ndikhoza kuwalembanso."

Onani kuti sindinalembe kuti ndi woyenera ntchito iliyonse. Sindinamuonepo akugwira ndalama za pakauntala kapena akuyendetsa ofesi, choncho umboni wanga unathera pamene maso anga anathera. Chiganizo chomalizacho, choti mukhoza kumulembanso, ndi chimene olemba ntchito amachifunafuna. Ngati si zoona, musachilembe. Pewaninso mawu obaya mobisa, monga "ankayesetsa momwe akanathera" kapena "ankagwira bwino akamayang'aniridwa". Wowerenga wozindikira amamva kuti munthuyu ndi waulesi, pamene mwini wake wanyamula kalatayo mokondwa osadziwa kuti yamupha. Ngati muli ndi chonena, chineneni poyera monga munamuuzira.

Sainani ndi cholembera, ikani udindo wanu ndi nambala ya foni imene mumayankha, ndipo sungani kope lanu. Musasaine pepala lopanda kanthu kuti akalembe yekha, ndipo akabwera ndi kalata yolemba kale kuti mungosaina, iwerengeni mzere ndi mzere, mufufute chimene simunachione.

Pamene simungathe kumuvomereza

Ngati munthu anachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba kapena chinyengo, nkhani itamvedwa ndipo umboni ulipo, musalembe kalata yomuyamikira ngakhale atabwera ndi amalume ake kudzapepesa. Muuzeni mwaulemu kuti, "Kalata ya umboni sindingathe kulemba, chifukwa akandifunsa chimene munachokera sindinganame. Koma chikalata chosonyeza kuti munagwira kuno ndi udindo wanu, chimenecho mulandira." Kukana kotere kumawawa tsiku limodzi, koma kumamusiyira mpata wokapempha umboni kwa wina amene anamuona pa nyengo yabwino, kapena amene wamuona atasintha. Musamuzengereze ndi "bwerani mawa" mpaka tsiku lotsekera kulandira makalata litadutsa.

Akakuimbirani foni

Olemba ntchito ambiri amaimba kuti atsimikize, chifukwa makalata abodza ndi zidindo zabodza zilipo. Funsani kaye dzina la woimbayo ndi kampani yake, ndipo ngati mukukayika, nenani kuti muimbanso nokha pa nambala ya ofesi yawo. Tengani kope lanu lija, muyankhe zogwirizana ndi zimene munalemba. Amene anandiimbira za mnyamata uja anayamba ndi kufunsa zinthu ziwiri: ngati katundu anasowapo m'manja mwake, ndi ngati kuchedwa kuja kunathadi. Ndinayankha kuti katundu sanasowepo, ndipo kuchedwako kunathadi. Atafunsa ngati angamuike pakauntala kuti azilandiranso ndalama, ndinawauza kuti ntchito imeneyo sindinamupatsepo, ayambe amuyesa okha.