Maodzi akatsika kale musawathamangire akuluakulu

Sizoni ino pali chinthu china chandinyansa kwambiri, mmagulupu a WhatsApp munthu akungotumiza chithunzi cha timu imene maodzi ake atsika, wazunguliza ndi chofiira nkulemba kuti "akamuna pali chinachake apa, lowani msanga" nde anthu akuloweradi ndalama zambirimbiri. Sindikuti kutsika kwa maodzi kulibe tanthauzo ayi, tanthauzo lilipo lalikulu, koma inu mukuwerenga uthengawo ntchito yake itatha kale.

Maodzi ndi mtengo basi. Timu ikakhala pa 2.50 ndekuti msika ukuti mwayi wake wowina ndi 40 peresenti, ikatsika kufika 2.10 ndekuti tsopano akuti pafupifupi 48, ndipo mu 48 imeneyo mulinso kaphindu ka kampani, mukakachotsa mutsala ndi mwina 45. Nde onani, timu imene mukuiona ngati yawina kale ija msika womwewo ukuti mmagemu 100 otere siiwina magemu 55. Muvi wofiira wosonyeza kuti maodzi atsika uja sukuti timu iwina, ukungoti mtengo woyamba unali wolakwika ndipo aukonza.

Amene amakonzetsa mtengowo si inu ndi ine. Kuli magulu a anthu amene kubetcha ndi ntchito yawo, azungu amawatchula mashapu, ali ndi makompyuta ndi antchito ongowerengera mphamvu za matimu tsiku lonse. Mwini wa Brighton, Tony Bloom, ndi mwini wa Brentford, Matthew Benham, onse anatchukira mu bizinesi imeneyi, nde mutha kuona kuti ndi anthu a ndalama zotani. Anthu otere akaona kuti 2.50 yakwera kuposa mmene ikuyenera amaimenya ndi ndalama zazikulu malo olandira mabeti akuluakulu ngati Pinnacle, Betfair ndi makampani a ku Asia, kenako makampani ena onse amangokopera mtengo watsopanowo ngakhale kwa iwo sikunabwere beti iliyonse. Izi zikachitika mwadzidzidzi paliponse pa mphindi zochepa ndi zimene amati sitimu. Pofika pa foni yanu, wina ajambule, atumize mgulupu, inu muone, mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zonse zatha kalekale.

Tiwerengere limodzi chifukwa apa mpamene pakupita ndalama zanu. Tinene kuti mwayi weniweni ndi 45 pa 100 paja, ndipo anthu atatu akubetcha K1,000 pa gemu iliyonse, magemu 100 otere, aliyense waika K100,000. Amene analowa pa 2.50 wawina ka 45, kuchulukitsa ndi K2,500 wapeza K112,500, phindu K12,500. Amene wathamangira pa 2.10 wawinanso ka 45 komweko koma wapeza K94,500, waluza K5,500. Wachitatu kampani yake imadula kwambiri yampatsa 2.00, wapeza K90,000, K10,000 yapita. Timu imodzimodzi, magemu omwewo, kuwina kofanana, wina akudya wina akulira, chasiyanitsa ndi mtengo wokha. Nde mukamati "ndikutsatira mashapu" mukudzinamiza, iwo sanagule timu, anagula 2.50, ndipo pa 2.10 iwowo sangaikenso, ikatsikitsitsa ena mwa iwo amayamba kugula mbali inayo. Mukaphatikiza matimu otsika anayi kapena asanu pa tikiti imodzi nde kaya, kuluza kuja kumangochulukana.

Pali bambo wina mlimi wa soya ndimacheza naye, munthu wochenjera bwinobwino pa nkhani ya msika moti mavenda samupusitsa. Anandionetsa foni kuti wayika ndalama ya matumba awiri pa timu imene inatsika usiku, akuti "achimwene gemu iyi yagulitsidwa, apo ayi maodzi akanatsika bwanji chonchi?" Ine ndinamufunsa kuti bambo, venda akagula chimanga mu Meyi chili chotchipa, inu nkudzagula chomwecho mu Januwale mtengo utakwera, mungati mwachita bizinesi imodzi ndi venda uja? Anangoti zii. Gemu ija timu yake inawinadi ndipo nzimene zinandidandaulitsa, chifukwa anabwera akuti mwaona, sabata zotsatira anapitiriza ndi ndalama zokulirapo mpaka ya feteleza inakhudzidwa. Gemu imodzi siingakuuzeni ngati munagula bwino, ya 45 peresenti imawina kawirikawiri ndithu mpaka mumakhulupirira.

Za gemu yogulitsidwazi tisiye chonde, takhala tikunena. Magemu ogulitsidwa alipodi pa dziko makamaka mmaligi ang'onoang'ono, koma nthawi zambiri maodzi amatsika pa zifukwa wamba, wosewera wodalirika wavulala potrena, kochi akupumitsa anyamata chifukwa pakati pa sabata pali Champions League, kapena mndandanda wa osewera watuluka, ku Premier League umatuluka kutatsala mphindi 75 kuti gemu iyambe nde nthawi imeneyo mitengo imagwedezeka ndithu. Amene akukugulitsani "gemu yotsimikizika" pa K5,000 wangoona muvi womwewo umene inu mukanauona ulele.

Chinanso, si kutsika kulikonse kumene kuli kwa mashapu. Gulu la anthu wamba limakonda matimu a mayina, Manchester United, Arsenal, Liverpool, Real Madrid, ndi zigoli zambiri, ndipo kampani ikaona matikiti aunjikana mbali imodzi itha kudula mtengo wake yokha kuti idziteteze. Kuti mudziwe muyang'ane ngati zatsika paliponse kapena pa kampani yanu yokha. Chimene chimanena zambiri ndi pamene aliyense ali pa timu yaikulu koma maodzi ake akukwera mmalo motsika, apo ndekuti matikiti ochepa a ndalama zazikulu ali mbali inayo ndipo kampani ikuopa amenewo osati chigulu chija. Komabe samalani ndi timaperesenti tija amalemba kuti anthu ochuluka asankha timu iyi, kawirikawiri amawerenga matikiti osati ndalama, tikiti ya K200 ndi ya mamiliyoni zonse amati imodzi imodzi. Mmaligi ang'ono komanso kumayambiriro kwa sabata malire a beti amakhala otsika nde ndalama yochepa ikhoza kusuntha mtengo, mpaka ena amausuntha dala kuti adzagule mbali inayo pa mtengo wabwino malire akakwera. Mtengo wodalirika kwambiri ndi womaliza, wa pamene gemu ikuyamba, chifukwa nkhani zonse ndi ndalama zonse zalowamo.

Nde chochita nchochepa. Maodzi akatsika kale isiyeni gemuyo, kukubwera ina mawa. Gulani kope, beti iliyonse lembani mtengo umene munatenga ndi mtengo umene unalipo gemu ikuyamba, osati kuwina kapena kuluza kokha. Mukafika mabeti 100 werengani, ngati nthawi zambiri munatenga mtengo wokwera kuposa womaliza, monga 2.40 nkudzatsekera pa 2.20, ndekuti mukuona msanga, ngati mumatenga 2.10 nkutsekera pa 2.10 pomwepo kapena kukwera ndekuti mukungolipira kaphindu ka kampani ndipo muchepetse kapena musiye. Mukapeza kampani imene yachedwa kutsitsa pamene ena onse atsitsa, umenewo ndi mtengo wabwinodi koma sukhalitsa, ndipo makampani ambiri akaona kuti mumachita zimenezi pafupipafupi amakuchepetserani ndalama yomwe mungaike. Ndalama ya feteleza, ya fizi ndi ya lendi isalowe mu kope limeneli.